Malikisi 49.1: mwakhoza kapena mwalephera?

Ophunzira awiri a m'makoleji osiyana atha kupeza malikisi ofanana ndendende, koma wina n'kukhoza, mnzake n'kuuzidwa kuti akalembe mayeso obwereza. Palibe amene wabera. Chawasiyanitsa ndi lamulo la kasendezedwe ka nambala, lija lonena chochita ndi tizidutswa totsalira kuseri kwa kadontho.

Tiyerekeze phunziro limene ntchito ya m'kati mwa chaka imatenga 40 peresenti, mayeso omaliza 60 peresenti, ndipo wokhoza ayenera kufika pa 50. Wophunzira wathu wapeza 37 pa 80 pa ntchito ya m'chaka. Malikisi 80 amenewa amapanikizidwa kuti akwane mu 40, choncho 37 yake isanduka 18.5. Pa mayeso omaliza wapeza 51 pa 100, ndipo tikachulukitsa ndi 0.6 tipeza 30.6. Zonse pamodzi ndi 49.1.

Ngati sukulu imaphatikiza kaye n'kusendeza pamapeto, 49.1 itsikira pa 49 ndipo mnzathuyo walephera. Koma ngati imasendeza gawo lililonse palokha isanaphatikize, 18.5 ikwera kufika pa 19, 30.6 ifika pa 31, ndipo 50 yakwana: wakhoza. Kumene amangodula tizidutswato n'kutaya, atsala ndi 18 ndi 30, yomwe ndi 48. Pepala ndi lomwelo, inki ndi yomweyo, koma zotsatira zitatu.

Ngakhale theka lenilenilo lili ndi mkangano wake. Kupulayimale tinaphunzira kuti .5 imakwera, ndipo ndi mmene `ROUND` ya mu Excel imachitira. Koma `round()` ya mu Python 3 imakankhira theka ku nambala yogawika ndi 2, moti `round(18.5)` imapereka 18. Ndi lamulo limeneli wophunzira uja apeza 18 ndi 31, n'kutsakamira pa 49.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti mwatsala pang'ono motani? Musayambire pa nambala ya pa bolodi la zotsatira, chifukwa imeneyo ndi yosendeza kale ndipo imabisa zambiri: 49 itha kukhala 48.5 kapena 49.4. Tengani malikisi enieni a pamapepala anu, muwerengere osasendeza paliponse mpaka kumapeto. Kenako pezani pamene pali malire enieni. Kumene amasendeza pamapeto malirewo ali pa 49.5, pamene kumene sasendeza konse ali pa 50. Mpata umene watsala muugawe ndi mphamvu ya malikisi amodzi a pepala limene mukuliganiziralo.

Kwa mnzathu uja, kuchoka pa 49.1 kufika pa 49.5 ndi 0.4, ndipo malikisi amodzi a mayeso omaliza amawonjezera 0.6. Amodzi okha akwanira, chifukwa amufikitsa pa 49.7. Kuti afike pa 50 yeniyeni akufunika 0.9, ndipo 0.9 kugawa ndi 0.6 ndi 1.5. Apa yankho likwezeni nthawi zonse, popeza malikisi amodzi angamusiye panjira: akufunika awiri, kuti afike pa 50.3.

Masamu omwewa amathandiza kwambiri musanalowe m'chipinda cha mayeso. Ndi 18.5 m'thumba, amene amasendeza gawo ndi gawo akufuna 51 pa mayeso, osendeza pamapeto akufuna 52, osasendeza akufuna 53, ndipo odula gawo lililonse akufuna 54. Ine ndingati wophunzira amene sakudziwa lamulo la pasukulu pake alinge pa 54, osati pa 51. Zikakhala kuti zotsatira zatuluka kale, yesani malamulo onsewa. Onse akanena chimodzimodzi, simuli pamalire, ndipo kudandaula za kasendezedwe n'kutaya nthawi. Akasiyana, pamenepo ndiye katsegulani buku la malamulo a sukulu, kapena funsani mkulu wa dipatimenti kuti amasendeza pa sitepe iti.

Pali msampha wina umene umakola aphunzitsi omwe. Excel itha kuonetsa 50 m'kabokosi pamene m'kati mwasungidwa 49.6, chifukwa kubisa madesimo sikusintha nambalayo. Fomula yoona ngati munthu wafika pa 50 imawerenga yobisikayo, ndiye pamzere womwewo pamaoneka 50 ndi mawu oti walephera. Dinani kabokosiko muwonjezere madesimo, choonadi chituluka. Kusendeza kawiri nakonso kumanamiza: 49.45 ikayamba yasanduka 49.5 imakwera kufika pa 50, pomwe kuisendeza kamodzi kokha kumapereka 49.

Njira yonseyi imafuna kuti mukhale ndi malikisi enieni m'manja. Pa mayeso a MSCE, pamene bungwe la MANEB limatulutsa magiredi a 1 mpaka 9, wolemba saona malikisi ake, choncho sangawerengere kuti 7 yake inatsala pang'ono bwanji kukhala 6. Komanso m'maphunziro ena amafuna kuti mukhoze mayeso omaliza paokha, ndipo zikatero muyese malire awiri, a mayesowo ndi a zonse pamodzi.