Tsiku limene ophika nawonso anavina m'tchalitchi

Pampingo pathu chilengezo cha ntchito chinkakhala chimodzimodzi: "Akhristu nonse mulawirire, tidzathandizane." Anthu ankalawiriradi, ndi mtima wonse. Koma pamwambo wotsegulira tchalitchi chatsopano, amayi anadzazana pamoto aliyense ndi mthiko wake, kumjigo kulibe wotunga madzi. Abambo anaunjikana posenda mbuzi, mipando ili mulu kuseri. Alendo anatsika mulole n'kuima padzuwa osadziwa kolowera. Nsima inapsa cha m'ma 3 koloko, makwaya akutali atanyamuka kale ndi njala. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti amayi a Chigwirizano amene anasonkha moto kusanache sanamve ngakhale liwu limodzi la ulaliki.

Ndiye chinafika chikondwerero cha zaka 50 za mpingo. Eee, zinasinthatu!

Kutatsala mwezi, alembi a mpingo, amene ndi aphunzitsi opuma pantchito, anaika tebulo pakhomo tikutuluka m'mapemphero. Wofuna kuthandiza ankalembetsa dzina, nambala ya foni ndi maola amene angapezeke. Mayinawo anawagawa m'magulu asanu ndi limodzi: ophika, a madzi ndi nkhuni, olandira alendo, a mipando ndi matenti, a zokuzira mawu ndi jenereta, ndiponso a zaukhondo. Gulu lililonse linali ndi mtsogoleri mmodzi ndi womutsatira. Mtsogoleriyo analetsedwa kugwira mthiko. Ena anadabwa, koma ine ndinakondwa, chifukwa munthu amene akuvundula nsima saona kuti madzi atha m'migolo.

Nzeru yeniyeni inali pa ndandanda ya kukhitchini. Alembi anayamba kuwerenga kuchokera pa nthawi yodyera, 1 koloko, n'kumabwerera m'mbuyo. Ophika 18 anawagawa patatu, asanu ndi mmodzi mmodzi. Oyamba anagwira kuyambira 5 mpaka 8 koloko, kusonkha moto ndi kutereka nyemba ndi nyama, poti izi zimachedwa kupsa. Achiwiri anatenga 8 mpaka 11, mpunga ndi masamba. Achitatu, omwe anali amphamvu zawo, anayambira 11 mpaka 2 koloko, kuphika nsima ndi kugawa. Popeza mapemphero ankayamba 9 koloko n'kutha 12 itadutsa, aliyense anali ndi gawo lake m'tchalitchi: oyamba mwambo wonse, achitatu chiyambi chake, achiwiri mathero ake. Wolowa ankafika mphindi 15 nthawi yake isanakwane kuti auzidwe poto wathiridwa kale mchere ndi uti. Oimba kwaya sanapatsidwe ntchito panthawi ya mapemphero, ndipo palibe dzina limene linaoneka pawiri pa ola limodzi.

Ntchito yothawidwa, yotsuka mapoto ndi kubweza mipando yobwereka madzulo, alembi anayamba kudzaza imeneyo. Achinyamata anailanda akuseka.

Lachitatu la sabata ya mwambo uthenga unafika pa WhatsApp, gulu lililonse wakewake. Wa otunga madzi unali wotere:

"Moni m'dzina la Ambuye. Inu muli m'gulu la madzi Lamulungu lino. Mufike 5 koloko m'mawa pamjigo, mutenge ndowa yanu. Migolo inayi ya kukhitchini ikhale yodzaza pofika 7 koloko, kenako zidebe zosambira m'manja. Anzanu adzakulandirani 8 koloko, inu mudzalowe m'tchalitchi. Chakudya chanu chidzasungidwa. Mukalephera, uzani mtsogoleri wanu Lachisanu lisanathe. Yankhani kuti ndalandira."

Mawu otsirizawo ndiwo anatipulumutsa. Amene sanayankhe pofika Lachinayi madzulo, mtsogoleri anamuimbira kapena kumupitira kwawo. Ena zinapezeka kuti analibe bandulo, ena foni yawo ndi ya mabatani. Chifukwa cha amenewa ndandanda inamatidwanso pachitseko cha tchalitchi n'kuwerengedwa m'milaga. Loweruka kunagwa maliro m'mudzi wina, ndipo ophika atatu anapita kukhuza. Palibe anathamanga uku ndi uku, poti alembi anali atasunga anthu anayi opanda ntchito, odikira zoterezi.

Tsiku la mwambolo, lole yoyamba itangoima, atsikana ovala malamba oyera anali kale pamsewu, kulandira zikwama ndi kulondolera alendo ku tenti yawo. Magetsi atazima pakati pa mbiri ya mpingo, jenereta inalira owerengawo asanatsirize ndime, chifukwa mnyamata wake anali atakhala pambali pake ndi mafuta. Nsima inatuluka ikufuka nthunzi 1 koloko yeniyeni! Ndipo panthawi ya chopereka, amayi aja a m'bandakucha, atasamba n'kuvala yunifomu yawo, ndiwo anatsogolera mzere akuvina. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika, ndipo abusa anachita kuimirira n'kuwaombera m'manja.