Kumasulira satifiketi ya sukulu m'Chiarabu kuchokera pa chithunzi

Satifiketi ya MSCE, yomwe bungwe la MANEB limapereka kwa amene wakhoza mayeso a Folomu 4, imalembedwa m'Chingerezi. Munthu akafuna malo pa yunivesite ya Al-Azhar ku Kairo kapena pa yunivesite ya Chisilamu ya ku Madina, kapenanso akafuna ntchito ku Dubai ndi ku Kuwait, nthawi zambiri amauzidwa kuti atumize satifiketiyo pamodzi ndi pepala lina loimasulira m'Chiarabu. Anthu odziwa ntchito yomasulirayi ndi ochepa ndipo sapezeka m'boma lililonse, choncho ambiri amangojambula satifiketi pa foni n'kutumiza chithunzi kwa womasulira amene ali kutali. Womasulirayo sagwira pepala lenileni. Chilichonse chimene adzalembe chimachokera pa zimene diso lake laona pa chithunzicho.

N'chifukwa chake zolakwika zambiri zimayambira pa kujambula. Satifiketi yomatidwa pulasitiki imanyezimira, ndipo kuwala kwa foni kukagwa pa mzere wa magiredi, 3 amaoneka ngati 8. Pa MSCE kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa 3 ndi kukhoza bwino pomwe 8 ndi kungopulumuka. Pepala liyalidwe pa tebulo pafupi ndi windo masana, getsi la foni litazimitsidwa, ndipo foni ikhale pamwamba penipeni, osapendekeka, kuti ngodya zonse zinayi zioneke. Kuseri kwa pepala kujambulidwenso ngakhale kukuoneka ngati kulibe kanthu, popeza zidindo ndi mawu ofotokoza magiredi kawirikawiri zimakhala kumeneko. Kumene kuli makina a sikana, amenewo amaposa foni, ndipo akaikidwa pa 300 dpi timalemba tating'ono timawerengeka. Potumiza pa WhatsApp, chithunzi chipite ngati dokumenti, chifukwa chikapita ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa ndipo manambala amafufutika m'mbali. Kuyesa kwake n'kosavuta: munthu akulitse chithunzi pa foni ndi kuwerenga nambala ya satifiketi, chaka cha mayeso ndi mawu a m'chidindo. Ngati iye mwini akukayika, womasulira adzakayika koposa.

Womasulira wokhulupirika saganizira. Mawu akakhala osawerengeka amalemba pa malo amenewo kuti sakuwerengeka, kapena amapempha chithunzi china. Amasonyeza pamene pali chidindo, pamene pali siginecha ndi pamene pali chizindikiro cha bungwe, ndipo kumapeto amanena poyera kuti wamasulira kuchokera pa chithunzi, osati pa pepala lenileni. Mawu omalizawa ena amawaona ngati akuchepetsa mphamvu ya pepala lawo, koma ndi oona ndipo ayenera kukhalapo.

Dzina ndi pamene pamavuta kwambiri. Chiarabu chili ndi zilembo 28, chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo mavawelo aafupi nthawi zambiri salembedwa. Chilibe zilembo za p, v ndi ch, ndipo liwu la ng' silidziwika n'komwe. Motero dzina la Chichewa limalembedwa moyandikira chabe, ndipo omasulira awiri akhoza kulilemba mosiyana onse osalakwa. Chitsanzo chabwino ndi mfunda wa Phiri. Womasulira wa ku Kairo amene sanamvepo dzinali adzawerenga ph monga amawerengera m'Chingerezi, n'kulemba chilembo cha f, dzina n'kukhala Firi. Womasulira amene walimva likutchulidwa adzasankha b, yemwe ali pafupi ndi p, dzina n'kukhala Biri. Satifiketi ikanena Firi koma viza ikanena Biri, kalaliki wa ku yunivesite ali ndi chifukwa chokwanira choganizira kuti mapepalawo ndi a anthu awiri.

Maina ochokera ku Chiarabu, amene ndi ambiri ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota, ali ndi vuto lawolawo. Dzina loti Saidi likhoza kubwezeredwa ku maina awiri osiyana a Chiarabu, lina lotanthauza wokondwa ndi lina lotanthauza bwana, ndipo malembedwe awo ndi osiyana. Mwini dzina ndiye ayenera kunena lomwe ndi lake. Njira yabwino ndi kusankha kalembedwe kamodzi ka Chiarabu pa chiyambi pomwe, kukagwiritsa ntchito pa mapepala onse, ndi kupempha kuti pambali pake palembedwe dzinalo m'zilembo zimene zili pa pasipoti. Chithunzi cha tsamba la pasipoti chipite limodzi ndi cha satifiketi. Koma ngati satifiketi ikunena Yusufu pomwe pasipoti ikunena Yusuf, womasulira alibe mphamvu yokonza. Kusiyanako kumakonzedwa ndi chikalata cha malumbiro chonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo chikalatacho chimamasuliridwanso.

Pa magiredi, MSCE imayenda mosemphana ndi zimene wowerenga wa ku maiko a Chiarabu anazolowera. Kumeneko zotsatira za sekondale zimaperekedwa kwambiri m'mapelesenti, ndipo nambala ikakula ndiye kuti wophunzira wachita bwino. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Tiyerekeze wophunzira amene wapeza 4 m'Chingerezi, 2 m'Masamu, 3 mu Bayoloje, 3 mu Fizikosayansi, 1 mu Zaulimi ndi 5 m'Chichewa. Mapointi ake ndi 18, ndipo ku Malawi aliyense angamvetse kuti wakhoza bwino. Manambala omwewo akangokopedwa m'Chiarabu popanda kufotokoza, wowerenga adzaganiza kuti phunziro limene mwanayo amalidziwa kwambiri ndi Chichewa, ndipo Zaulimi ndi Masamu anazilephera. Pempho lofuna kuphunzira zaumisiri likhoza kuthera pomwepo.

Pofuna kupewa zimenezi, ena amapempha womasulira kuti asandutse magiredi kukhala mapelesenti, kapena alembe mawu amene sukulu za Chiarabu zimagwiritsa ntchito, monga mumtazi kwa wopambana ndi makibulu kwa wongokhoza. Maganizo amenewa ndi omveka koma ndi oopsa. Pa satifiketi palibe pelesenti, ndipo womasulira akalemba 85 pamene pepala likunena 2, walemba chinthu chimene MANEB sinalembe. Ofesi ikayerekeza mapepala awiriwo, pang'ono imabweza pempho, ndipo zikavuta imaona ngati chinyengo. Choyenera ndi kusiya nambala monga ilili, ndi kumasulira mawu ofotokoza magiredi ngati ali pa satifiketi. Ngati palibe, munthu apemphe kalata yofotokoza magiredi ku sukulu kumene analembera mayeso kapena ku MANEB ku Zomba, nayonso imasuliridwe. Ntchito yoyerekeza MSCE ndi satifiketi ya dziko linalo, imene m'Chiarabu amati muadala, ndi ya unduna wa maphunziro kapena yunivesite ya kumeneko. Pa chifukwa chomwecho dzina la satifiketi limasuliridwe monga lilili, ndi zilembo za MSCE pambali, osalisintha kuti lifanane ndi dzina la mayeso a ku Iguputo.

Maina a maphunziro amafuna diso lomwelo. Pa masatifiketi a zaka za m'mbuyo, Fizikosayansi linali phunziro limodzi lophatikiza fizikisi ndi kemisitiri. Womasulira wosadziwa maphunziro a ku Malawi angalembe fizikisi yekha, ndipo wofuna kuphunzira zamankhwala n'kuoneka ngati sanaphunzirepo kemisitiri.

Mwini satifiketi ngakhale sadziwa Chiarabu akhoza kuyang'ana manambala. Ku Iguputo ndi ku maiko a ku Gafu amagwiritsa ntchito kwambiri manambala a kum'mawa, pomwe ku Moroko ndi ku Tuniziya amalemba manambala omwe ali m'mabuku a ku Malawi. Mwa manambala a kum'mawa, ٥ amaoneka ngati ziro koma ndi 5, kadontho ٠ ndiye ziro, ndipo ٦ amaoneka ngati 7 koma ndi 6. Manambala a m'gulu, monga chaka kapena nambala ya mayeso, amalembedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja ngakhale mawu owazungulira akupita kwina, ndipo pa kompyuta nambala yokhala ndi timizere togawa ikhoza kutembenuka zigawo zake. Ndi bwino kupempha kuti nambala ya satifiketi ndi ya mayeso zisiyidwe monga zilili pa pepala. Chaka nachonso chisasinthidwe kupita ku kalendala ya Hijiri, yomwe chaka chake chili ndi masiku pafupifupi 354. Womasulira amangoika chilembo cha م pambali, kusonyeza kuti ndi chaka cha kalendala ya masiku onse. Pepala lomasuliridwa lilandiridwe ngati PDF. Zilembo za Chiarabu zimalumikizana m'mawu, choncho zikaoneka zitaima chilichonse pachokha tsamba lonse, ndiye kuti fayilo yasokonekera pa kompyuta ndipo sikuwerengeka.

Kumasulira sikutsimikiza kuti satifiketi ndi yeniyeni. Chidindo cha womasulira chimangonena kuti mawu a Chiarabu akugwirizana ndi amene iye anawaona. Kutsimikiza ndi ntchito ya maofesi, ndipo njira yake nthawi zambiri imayambira ku bungwe lomwe linapereka satifiketi, kupita ku Unduna wa Zamaubale ndi Maiko Ena ku Lilongwe, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko limene munthu akupita. Iguputo ali ndi kazembe ku Lilongwe, koma maiko ena amatumikira Malawi kuchokera ku maiko oyandikana nawo, ndipo zimenezi zimawonjezera nthawi ndi ndalama. Maiko amene ali m'pangano la ku Hague la 1961 amalandira chidindo chimodzi chotchedwa apositili m'malo modutsa kwa kazembe. Malawi ali m'panganoli kuyambira 1967, ndipo Saudi Arabiya analowamo mu Disembala 2022. Maofesi amenewa amafuna kuona pepala lenileni, osati chithunzi cha pa foni, ndipo pulasitiki yomatira imalepheretsa kudinda.

Ndondomeko yake ili ndi phindu pa thumba. Zidindo zonse zimene zaikidwa pa satifiketi kapena pa kope lake zimayenera kuoneka m'pepala la Chiarabu, choncho amene wamasulira poyamba n'kudinditsa pambuyo amapezeka akulipira womasulira kawiri. Komanso si womasulira aliyense amene amalandiridwa. Ku UAE, mapepala opita ku maofesi a boma amamasuliridwa ndi womasulira wa chilolezo cha Unduna wa Zachilungamo wa kumeneko, ndipo ntchito ya mphunzitsi wa madirasa, ngakhale ikhale yolondola mawu ndi mawu, singalowe m'malo mwake. Makampani ena a ku Gafu amalandira satifiketi ya Chingerezi popanda kumasulira konse. Choncho asanalipire aliyense, wofunsira ntchito kapena malo a sukulu alembere ofesi yomwe ilandire mapepalawo, ndi kufunsa ngati ikufuna Chiarabu, womasulira amene imamuvomereza, ndi zidindo zimene ziyenera kukhalapo satifiketi isanamasuliridwe.