Mwalakwitsa kapena talakwitsa?

Tiyerekeze kampani yaing'ono yosindikiza yomwe yatulutsa makadi 500 a ukwati, koma tsiku lake ndi lolakwika. Mwiniwake wa ukwati wakalipa. Bwana atenga foni n'kulembera antchito ake pagulu la WhatsApp: "Mwalakwitsa tsiku. Bwanji simunaonetsetse?"

Mayankho ake ndi odziwikiratu. Wolandira maoda anena kuti iye analemba zomwe anauzidwa. Wotayipa anena kuti pepala lomwe anapatsidwa linali losawerengeka bwino. Wapamakina akhala chete. Pofika madzulo aliyense wadziyeretsa, koma palibe amene wanena pomwe zinthu zinapotokera.

Katswiri wa maganizo wa ku America, Thomas Gordon, anafotokoza vutoli m'buku lake la makolo la mu 1970: uthenga woyamba ndi "iwe" umamveka ngati chigamulo, ndipo woumva amayamba kudziteteza m'malo momvetsera. Gordon ankalangiza kuti munthu ayambe ndi "ine". Pa ntchito yomwe yadutsa m'manja ambiri, "ife" ndiye amakwanira bwino.

Bwana uja akanatha kulemba chonchi: "Anzanga, tasindikiza makadi 500 olembedwa 12 Okutobala m'malo mwa 21. Sitinamuonetse kasitomala chitsanzo tisanayatse makina, ndipo ine ndinasayina osafananiza ndi oda. Tikumane 2 koloko." Nkhani ndi yomweyo, nambala ndi zomwezo, palibe chabisidwa. Koma tsopano wotayipa angathe kuulula kuti anasinthanitsa manambala awiri aja chifukwa anali ndi ntchito zitatu zachangu, podziwa kuti sakudzimangirira yekha chingwe. Mainjiniya a Google analemba za mwambo wofanana nawo m'buku lawo la mu 2016, Site Reliability Engineering: makina akagwa, lipoti limafufuza chomwe chinalola cholakwikacho, osaloza munthu chala, chifukwa woopa chilango amabisa zomwe akudziwa.

Komatu "ife" wabodza amanunkha patali. Bwana yemwe anali patchuthi akalemba kuti "tachita zosasamala", aliyense amamva "inu" wovala jekete. Muyeso wake ndi wapafupi: kodi wolembayo angatchule mbali yake pa cholakwikacho? Ngati sangathe, kuli bwino angofotokoza zomwe zachitika.

Msampha wina uli kumapeto kwa uthenga. "Tikonze msanga" ndi ntchito yopanda mwini, ndipo mawa lake makadi adzakhala akadali pomwepo. Apa pafunika maina ndi nthawi: wolandira maoda aimbire kasitomala lero, wotayipa atumize chitsanzo chatsopano isanakwane 4 koloko, bwana alipire mapepala.

Nanga ngati ndi munthu mmodzi yemweyo amene amalakwitsa mwezi ndi mwezi? Pamenepo "ife" amangopweteka osalakwa, omwe amatopa kusenza mlandu wa mnzawo. Ameneyo bwana amuitanire pambali, amuuze maso ndi maso, osati pagulu.