"Chaja ya HP ilipo": mawu osakwanira pogulitsa zamagetsi

Malonda ambiri a zipangizo zamagetsi masiku ano akuchitikira pa foni. Wogulitsa ali ku Limbe, wogula ali ku Mzimba, ndalama zimadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kukwera basi. Wogula sagwira katunduyo ndipo samuyesa. Chimene ali nacho ndi chithunzi chimodzi ndi mawu amene wogulitsa walemba pansi pake. Mawuwo akangoti "Chaja ya HP ilipo, yabwinobwino," mkangano uli pafupi, chifukwa machaja a HP alipo amitundu ingapo ndipo salowana. Tiyeni titsatire malonda a chaja ya laputopu, katundu wamng'ono amene amabwezedwa kawirikawiri, kuti tione zinthu zitatu zoyenera kulembedwa: makina amene imagwirako ntchito, zingwe zimene ikubwera nazo, ndi walanti yake.

Dzina la kampani silikwanira

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina ali ndi laputopu ya HP EliteBook 840 G3 ndipo chaja yake yapsa. Wogulitsa akumutumizira chaja yeniyeni ya HP, yosaonongeka pena paliponse, koma yochokera pa EliteBook 8470p. Ikafika, kamutu kake kakukana kulowa. Chaja ya 8470p ili ndi kamutu kakakulu, ka mamilimita 7.4 m'mimba mwake, pamene 840 G3 imafuna kamutu kakang'ono ka mamilimita 4.5, kamene nsonga yake ndi yabuluu. Palibe amene wanama apa. Onse awiri anangotchula dzina la kampani, osatchula modelo.

Modelo ndi dzina lathunthu la makinawo, ndi manambala ake omwe. Imalembedwa kunsi kwa laputopu, ndipo pa malaputopu akale imapezekanso pansi pa batire mukalichotsa. Ngati zolembazo zinafufutika, pa Windows lembani `msinfo32` pamalo ofufuzira, ndipo muwerenge mzere wolembedwa `System Model`. Wogula azitumiza dzina limeneli asanalipire, ndipo wogulitsa azilemba mamodelo amene akudziwa kuti chajayo imalowako.

Pali msampha wina umene maso sauona. Dell nayo imagwiritsa ntchito timitu ta mamilimita 7.4 ndi 4.5, tofanana kukula ndi ta HP. Chaja ya HP ingathe kulowa bwinobwino pa laputopu ya Dell, koma batire osadzaza. Chifukwa chake ndi kasingano kamene kali pakati pa kamutuko. Kasinganoko sikanyamula mphamvu yodzazira batire, koma ndi njira imene laputopu imadziwira mtundu ndi mphamvu ya chajayo. Dell ikapanda kuizindikira chaja, imachenjeza poyaka, imachepetsa liwiro lake, ndipo nthawi zambiri imakana kutchaja. Choncho mawu akuti "imalowa pa Dell ndi pa HP pomwe" angakhale oona, koma sakutanthauza kuti imagwira ntchito pa zonsezi.

Manambala a pa chaja

Chaja iliyonse ili ndi kachikwangwani ka zilembo zing'onozing'ono. Mzere wofunika kwambiri ndi wolembedwa `OUTPUT`. Pa chaja ya HP ya mawati 65 mudzawerenga `19.5V 3.33A`. Nambala yoyamba ndi mavolti, yachiwiri ndi maampu, ndipo mukazichulukitsa mumapeza mawati: 19.5 kuchulukitsa ndi 3.33 ndi pafupifupi 65. Yolembedwa `19.5V 2.31A` ndi ya mawati 45, ndipo ya `19.5V 4.62A` ndi ya mawati 90.

Lamulo lake ndi losavuta. Mavolti afanane ndi amene laputopu imafuna. Mawati angathe kupitirira koma asachepe, chifukwa laputopu imangokoka mphamvu imene ikuifuna. Laputopu ya mawati 45 imagwira bwino ntchito ndi chaja ya mawati 65 ya kamutu koyenera. Koma mukaika chaja ya mawati 45 pa makina ofuna 90, mudzaona batire likudzaza pang'onopang'ono, mwinanso kutsika muli pa ntchito, chajayo n'kumatentha kwambiri. Wogula wotere amabwera akudandaula kuti mwamugulitsa chaja yabodza, pamene vuto ndi loti ndi yaing'ono.

Wogulitsa sayenera kudziwa zamagetsi mozama kuti achite bwino pano. Akopere mzerewo mmene walembedwera, ndiponso ajambule zithunzi ziwiri pafupi: cha kachikwangwaniko ndi cha kamutu. Zithunzi ziwirizi zimayankha mafunso ambiri kuposa chithunzi cha bokosi lokongola.

Za USB-C nazo zimafuna chenjezo. Anthu ambiri akaona bowo la USB-C pa laputopu amaganiza kuti chaja iliyonse ya mtunduwo igwira. EliteBook 840 G3 ija ili nalo bowolo, koma silitchajira laputopuyo. Zingwe za USB-C nazonso zimasiyana ngakhale zimaoneka zofanana. Chingwe wamba chimanyamula mpaka mawati 60, ndipo kuti mudutse pamenepo pamafunika chingwe chopangidwira maampu 5. Wogulitsa chaja ya mawati 90 kapena 100 ayenera kunena ngati chingwe chimene akuphatikizapo ndi cha mphamvu imeneyo.

M'phukusimo muli chiyani?

Chaja ya laputopu ili ndi zigawo ziwiri: kabokosi kokhala ndi chingwe chopita ku laputopu, ndi chingwe china chochokera pa khoma. Chachiwirichi chimazuka, ndipo ndi chimene chimasowa kawirikawiri m'phukusi. Wogulitsa amaganiza kuti wogula ali nacho chakale. Wogula amaganiza kuti chaja ndi zonse ziwiri. Ngakhale chakalecho chikhalepo, mwina sichilowa, chifukwa machaja ena amalandira chingwe cha mabowo atatu, ena cha mabowo awiri ooneka ngati nambala 8.

Kumapeto kwa chingwecho kuli pulagi, ndipo nayo ili ndi nkhani yake. Masoketi a ku Malawi ndi a mano atatu amakona, ofanana ndi a ku Britain. Katundu wochokera ku South Africa nthawi zambiri amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, ndipo wa ku Ulaya ndi ya mano awiri. Izi sizilepheretsa malonda, pakuti chingwe chingasinthidwe kapena kugulira adaputala, koma wogula adziwiretu kuti pali ndalama ina yoti aonjezere. Chinthu choopsa ndi mphamvu ya magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito mavolti 230, pamene ku America ndi 120. Machaja ambiri a laputopu ndi a foni amalembedwa `INPUT: 100-240V`, kutanthauza kuti amagwira kulikonse. Koma chipangizo cholembedwa `120V` yokha chikalowetsedwa pa soketi ya kuno chimapsa nthawi yomweyo, ndipo walanti siikhudza zimenezo.

Pa mafoni, kuganiza kuti zonse zili m'bokosi kunatha kale. Apple inasiya kuikamo kabokosi kotchajira kuyambira pa iPhone 12 mu 2020, ndipo Samsung inachitanso chimodzimodzi pa Galaxy S21 mu 2021. Choncho kulemba kuti "ili m'bokosi lake" sikuuza wogula kanthu. Tchulani chinthu chilichonse chimene chilimo, ndipo chimene mulibe mutchulenso kuti mulibe.

Walanti ya ndani, mpaka liti?

Mawu akuti "ili ndi walanti" ndi amene amakopa kwambiri, komanso ndi amene amabisa zambiri. Pali walanti ya kampani yopanga katunduyo, ndipo pali ya sitolo. Ya kampani, imene pa malaputopu ambiri imakhala ya chaka chimodzi, imayamba kuwerengedwa tsiku limene katunduyo anagulidwa koyamba, osati tsiku limene inu mwamugula kwa munthu wina. Laputopu imene inagwira ntchito mu ofesi kunja kwa zaka zingapo isanabwere kuno, walanti yake ya kampani inatha kalekale. Mungatsimikize nokha polemba nambala ya makinawo pa tsamba la pa intaneti la kampaniyo: HP imafuna `Serial Number`, Dell imafuna `Service Tag` ya zilembo 7. Ngakhale itatsala miyezi, funsani kumene mungapite nayo, chifukwa walanti ina imagwira ntchito m'dera lokhalo limene katunduyo anagulitsidwira.

Walanti ya sitolo ndi lonjezo la wogulitsa mwini, ndipo kuti likhale ndi tanthauzo liyenera kuyankha mafunso anayi. Ndi masiku angati, kuyambira liti? Katundu akafa, mumasintha, mumakonza kapena mumabweza ndalama? Ndi zovuta ziti zimene simulandira, monga kugwa, kunyowa, kapena kupsa magetsi akabwera ndi mphamvu atazima? Nanga ndalama yotumizira katunduyo pobwerera alipira ndani? Funso lomalizali ndi limene limadanitsa anthu otalikirana. Mayankhowa alembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya katunduyo, kuti wogula asabweze chaja ina yakufa kale, komanso kuti wogulitsa asakane yake.

Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu oti katundu akagulidwa sabwezedwa sachotsa udindo wawo pa katundu woonongeka. Koma chaja yabwino imene yangokana kulowa chifukwa wogula sanatchule modelo ndi nkhani ina, yovuta kuidandaulira. Apa ndi pamene mwambi uja woti safunsa anadya phula umagwira ntchito.

Mmene chilengezo chabwino chimaonekera

Chaja ija ikanalengezedwa motere: "Chaja ya HP yeniyeni, yogwirapo ntchito, mawati 65, `OUTPUT 19.5V 3.33A`, `INPUT 100-240V`. Kamutu kabuluu ka mamilimita 4.5. Ndaiyesa pa EliteBook 840 G3. Silowa pa 8470p ndi ma HP ena a kamutu kakakulu, ndipo si ya Dell. Ikubwera ndi chingwe cha pa khoma cha mabowo atatu, pulagi ya mano atatu amakona. Walanti ya sitolo masiku 30 kuchokera tsiku lolandira: ikafa yokha timasintha, ikapsa ndi magetsi kapena kunyowa ayi. Yotumizira pobweza ndi ya wogula. Tumizani modelo ya laputopu yanu musanalipire."

Onani kusiyana kwa mawu akuti "ndaiyesa pa" ndi akuti "imagwira pa ma HP onse." Oyambawo akunena chimene wogulitsa waona ndi maso ake, ndipo angathe kuwaimira kumbuyo. Achiwiriwo ndi ongoganizira. Onaninso chiganizo chotchula makina amene chajayo silowa. Amalonda ena amaopa kuchilemba poganiza kuti chithamangitsa makasitomala, koma amene chimawathamangitsa ndi okhawo amene akanabweza katunduyo mawa lake, atalipira kale basi kawiri. Wogula amene wapeza chilengezo chopanda zinthu izi afunse chimodzichimodzi pa uthenga wolemba, osati pakamwa, ndipo asunge mayankhowo kufikira masiku a walanti atatha.