Bilu ya madzi yafika pa foni: manambala ake akunena chiyani?

Masiku ano bilu ya madzi imafika kwa anthu ambiri ngati chithunzi. Alandilodi amajambula pepala lija n'kulitumiza pa WhatsApp kwa anthu a lendi, kapena mayi amalijambulira mwana wawo amene ali ku Joni kuti athandize kulipira. Wolandirayo amathamangira nambala yaikulu ya m'munsi, n'kugwira pakamwa. Komatu nambala imeneyo ndi yoyenera kuwerengedwa pomaliza, chifukwa payokha sinena kuti nyumbayo yagwiritsa ntchito madzi a ndalama zingati mwezi uno.

Magetsi a ESCOM m'nyumba zambiri ndi ogula mayunitsi, choncho bilu yobwera pambuyo imene mabanja ambiri a m'tauni amalimbana nayo ndi ya madzi, yochokera ku mabungwe monga Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board ndi mabodi atatu a zigawo za kumpoto, pakati ndi kumwera. Mapepala awo safanana ndendende, koma onse amalembedwa m'Chingerezi ndipo amanena zinthu zofanana.

Choyamba ndi chithunzi chenichenicho. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo manambala aang'ono amafufutika m'mbali. 3 amaoneka ngati 8, 1 ngati 7, 5 ngati 6. Pepala likakhala kuti linapindidwa, mzere wopindikawo umakonda kudutsa pa nambala yofunika. Wojambula aliyale pepalalo pamalo osalala, pamene pali kuwala kokwanira, n'kujambula ngodya zonse zinayi. Chithunzi chodulidwa mutu n'chosayenera kulipirira, chifukwa kumutuko ndi kumene kuli dzina la mwini akaunti ndi tsiku la bilu. Popanda zimenezo, munthu akhoza kulipira bilu ya mwezi watha kapena ya nyumba ina.

Kumutu komweko kuli nambala yolembedwa kuti Account Number. Iyi ndi imene imafunsidwa polipira ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pafupi nayo pamakhala ina, Meter Number, yomwe ndi ya chipangizo chili panja chija. Anthu amasokoneza ziwirizi kawirikawiri. Nambala ya mita ili ndi ntchito yakeyake: munthu apite pa mita, apukute fumbi, aone ngati nambala yodindidwa pamenepo ikufanana ndi ya pa chithunzi. Pa puloti ya nyumba zingapo, pamene mamita andandalikana pakhoma limodzi, ndi njira yokhayo yotsimikizira kuti bilu ndi yake. Nambala ya akaunti nayo ndi bwino kuikopera m'kope kamodzi kuchokera pa pepala lenileni, osamaiwerenga pa chithunzi chosaoneka bwino mwezi ndi mwezi.

Tsopano tiyerekeze banja la anthu 6 m'dera lina mumzinda. Manambala awa ndi ongoyerekeza, ndipo mtengo weniweni umadalira bodi ndi nthawi. Mwezi watha bilu yawo inali K31,500. Chithunzi chatsopano chikusonyeza K52,000 pamene palembedwa Amount Due. Bambo akuloza ana kuti akuseweretsa madzi, mayi akuganiza kuti paipi yabooka pansi.

Pa mzere wa Previous Reading pali 1,284, yowerengedwa pa 3 Malichi. Pa Current Reading pali 1,311, yowerengedwa pa 8 Epulo. Kuchotsera yoyambayo ku yachiwiri kukutsala 27, ndipo 27 yemweyo ayenera kuoneka pa mzere wa Consumption. Ngati sakuoneka, ndiye kuti mwina diso lawerenga molakwa pa chithunzi, kapena bilu ili ndi vuto lofunika kufunsa. Madzi amayezedwa m'makiyubiki mita, olembedwa m³, ndipo imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Banjali lagwiritsa ntchito malita 27,000, pamene bilu yapita inali ya malita 21,000.

Apa ndi pamene masiku amafunika kuwerengedwa. Anthu amati "bilu ya mwezi", koma wowerenga mita safika tsiku limodzimodzi nthawi zonse. Kuchokera pa 3 Malichi kufika pa 8 Epulo ndi masiku 36. Bilu yapita inayambira pa 3 Febuluwale kufika pa 3 Malichi, masiku 28 okha. Malita 27,000 akagawidwa ndi masiku 36 akupereka malita 750 pa tsiku. Malita 21,000 akagawidwa ndi masiku 28 akuperekanso 750 yomweyo. Ana aja sanalakwe chilichonse, ndipo paipi ili bwinobwino. Bilu yangotenga masiku 8 owonjezera.

Nanga K52,000 yachokera kuti? Pamwamba pake pali mzere wa ndalama zotsalira, umene nthawi zambiri umalembedwa Balance B/F. Banjali linalipira K20,000 yokha pa K31,500 ya mwezi watha, kotero K11,500 yalowa mu bilu yatsopano. Madzi a nthawi ino ndi a K40,500, zolipira zina zili momwemo. Kuphatikiza ziwirizi kukubwera K52,000. Chenjezo lina pano ndi lakuti ndalama zolipidwa bilu itatuluka kale sizioneka pa pepalalo. Amene analipira posachedwa asunge uthenga wa pa foni kapena lisiti, ayerekeze tsiku lake ndi la bilu asanalipire kachiwiri.

M'kope la bajeti, ndalamayi iyenera kulembedwa pa mizere iwiri. K11,500 ndi ngongole yothetsa kamodzi. Ya madzi ya mwezi ndi mwezi ipezeke chonchi: K40,500 kugawa ndi 27 ndi K1,500 pa malita 1,000 alionse, ndipo masiku 30 a malita 750 ndi malita 22,500, omwe ndi K33,750. Imeneyi ndi yoyenera kupatula malipiro akatuluka. Wolemba K52,000 ngati ndalama ya madzi ya mwezi uliwonse amadula ndiwo popanda chifukwa, ndipo wolemba K31,500 amadzapereweredwa. Ndi bwino kuikapo kangachepe pamwamba, chifukwa mtengo ungasinthe, ndipo pa mitengo ina ya madzi mayunitsi opitirira mlingo wina amakhala okwera kuposa oyambirira.

Nthawi zina nkhawa ya mayi aja imakhala yoona. Chikhala kuti malita a pa tsiku anachoka pa 750 kufika pa 1,200 popanda alendo kapena ntchito yomanga, pakanafunika kufufuza. Amatseka mipopi yonse, n'kuyang'ana mita. Manambala akuda ndi makiyubiki mita amene amalowa pa bilu, ofiira ndi tizigawo ting'onoting'ono. Ofiirawo akamayenda mipopi ili yotseka, madzi akutayika penapake, ndipo malo oyamba kuona ndi thanki ya chimbudzi, imene imatha kudontha usiku wonse osamveka. Madzi otayikira kuseri kwa mita amalipira ndi mwini nyumba kapena wokhalamo.

Palinso bilu yongoyerekeza, imene imatuluka wowerenga mita akapeza geti lotseka kapena agalu olusa. Imadziwika chonchi: nambala ya pa mita lero siyenera kuchepera ya Current Reading, popeza mita sibwerera m'mbuyo. Mita ikamasonyeza 1,302 pamene bilu ikuti 1,311, wokhala m'nyumbayo ajambule mita, manambala ndi nambala yake zioneke bwino, n'kupita ndi zithunzi ziwirizo ku ofesi ya bodi tsiku lomaliza kulipira lisanakwane.

Inu a lendi amene mumagawana mita imodzi, pemphani alandilodi azikutumizirani pepala lonse, osati nambala ya m'munsi yokha. Ngongole ya amene anasamuka chaka chatha imakhala pa mzere wa Balance B/F, ndipo si yanu.