Monita ya mu ofesi: musathamangire 144Hz

Tiyerekeze kuti muli m'sitolo, ndipo wogulitsa wakuyatsirani mamonita awiri a mainchesi 27. Pa katoni ya yoyamba palembedwa 144Hz ndi 1920x1080, pa inayo 60Hz ndi 2560x1440. Mtima umathamangira ku 144 ija. Koma ngati ntchito yanu ndi makalata, maakaunti a mu Excel ndi misonkhano ya pa Zoom, ine ndikuti nyamulani yachiwiriyo.

Nambala ya Hz imanena kuti sikirini imasintha chithunzi kangati pa sekondi imodzi. Osewera magemu amaifuna yokwera chifukwa zinthu zawo zimaliwira. Kalata yomwe mukuwerenga siyenda. Ndipo kanema wa pa Zoom kapena Teams kawirikawiri sapitirira zithunzi 30 pa sekondi, choncho monita ya 60Hz imamukwanitsa bwino lomwe. Nkhope ya abwana ikamaima n'kumadukaduka, vuto ndi netiweki kapena kamera yawo. Monita yodula singachiritse zimenezo. Phindu la 144Hz lilipo ndithu: kamuvi ka mausi kamayenda myaa, tsamba limatsetsereka mosalala. Koma limathera pomwepo.

Nambala zinazo ndi timadontho tomwe timapanga chithunzi, ndipo mpamene pagona nkhani. Timadontho 1920x1080 pa monita ya mainchesi 24 timakhala pafupifupi 92 pa inchi iliyonse, zilembo n'kumaoneka bwino. Mukatimwaza pa mainchesi 27 timatsikira pa 82. Sendezani nkhope pafupi muone chilembo «a» kapena nambala 8: m'mbali mwake mumaoneka manomano ngati sowo. Ndi zilembo zotere zomwe mudzaziyang'ana kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Pa 2560x1440 timadontho timafika 109 pa inchi, zilembo zimathwa, ndipo malo amachuluka: pomwe mumaona mizere 30 ya Excel mudzaona pafupifupi 40. Pa msonkhano, nkhope za anzanu zimakhala mbali imodzi, lipoti mbali inayo, popanda kutseka ichi kuti muone icho.

Nanga 4K, yomwe ndi 3840x2160? Ndi yokongola, koma pa mainchesi 27 zilembo zimachepa ngati nyerere, moti ambiri amazikulitsa kufika pa 150%. Akatero malo ogwirirapo ntchito amafanana ndi a 2560x1440, kungoti zilembo zimakhala zosalala kwambiri.

Apa palinso msampha womwe umandimvetsa chisoni, chifukwa umakola munthu atalipira kale. Laputopu yakale yokhala ndi polowetsa chingwe pa HDMI 1.4 imatumiza 4K pa 30Hz basi. Mumadziwira kamuvi ka mausi: kamalemera, kamayenda modumphadumpha. Kutsika pansi pa 60 kumamveka ngakhale pa kalata. Musanapereke ndalama, pitani ndi laputopu yanu m'sitolomo, ilumikizeni, ndipo mu Windows 11 mutsegule Settings, System, Display, kenako Advanced display. Ikaonetsa 30 osalola 60, mukufunika HDMI 2.0 kapena DisplayPort. Ngati laputopuyo ilibe zonsezi, tengani ya 2560x1440, yomwe HDMI 1.4 imaiyendetsa pa 60Hz.