Kufotokozera Makolo Malikisi a Mayeso Oyesa Nzeru

Kholo likamva kuti mwana wake wapeza 92 pa mayeso oyesa nzeru, limaganiza kuti nambalayo yalembedwa pamphumi pa mwanayo mpaka muyaya. Koma 92 ndi zimene mwanayo adapeza tsiku limodzi, pa mafunso owerengeka. Akadayesedwa tsiku lina, atagona bwino kapena ali ndi mantha, akadatha kupeza 94 kapena 89.

Okonza mayeso amawerengera kukula kwa kusinthasintha kumeneku. Pa mayeso a Wechsler, malikisi apakatikati ndi 100, ndipo muyeso wa kumwazikana kwa malikisi a ana, SD, ndi 15. Mayeso alionse ali ndi nambala ya kudalirika kwake, r, imene siifika pa 1. Kuphonya koyembekezeka, SEM, kumapezeka motere:

SEM = SD × √(1 − r)

Tiyerekeze kuti r ndi 0.96. Tikachotsa 0.96 pa 1 patsala 0.04, muzu wake ndi 0.2, ndipo tikachulukitsa ndi 15 tipeza 3. Tsono timatenga 3 ameneyu kawiri, ndiye 6, n'kumuchotsa ndi kumuonjezera pa 92. Malire a mwanayo ndi 86 mpaka 98. Mwa ana 100 oyesedwa chotere, pafupifupi 95 mlingo wawo weniweni umakhala m'kati mwa malire awo.

Pokamba ndi kholo, mphunzitsi asatchule masamuwa. Ayambe ndi sikelo, imene kholo lililonse limaidziwa. Anganene kuti: "Bambo, thumba la chimanga mukaliyeza katatu, sikelo ikhoza kusonyeza makilogalamu 49, 50 ndi 51, chikhalirecho chimanga ndi chomwecho. Mayesowa ndi chimodzimodzi. Mwana wanu ali pakati pa 86 ndi 98, kutanthauza kuti ali pafupi ndi pakati pa anzake a msinkhu wake." Atchule malire poyamba, pakuti nambala imene kholo limva koyamba ndiyo imene limapita nayo kunyumba.

Makolo ena adzadandaula kuti mwana wa mnansi wawo adapeza 96. Malire a mwana ameneyo ndi 90 mpaka 102, ndipo alowana kwambiri ndi 86 mpaka 98. Kusiyana kwa malikisi 4 sikukwanira kutiuza amene aposa mnzake. Nkhaniyi imalemera koposa pamene malikisi ayandikira 70, mzere umene kawirikawiri amaugwiritsa ntchito poganizira ana osowa chithandizo chapadera. Mwana wa 72 ali pakati pa 66 ndi 78, mbali zonse ziwiri za mzerewo. Kumupatsa kapena kumumana chithandizo kaamba ka nambalayo yokha ndi kulakwa. Kuyenera kuonanso mmene amachitira m'kalasi ndi kunyumba.

Komabe malirewa saphimba zolakwika zonse. Amangowerengera kusinthasintha kwa mwangozi. Ngati mwana wolankhula Chichewa adafunsidwa m'Chingerezi, kapena adafanizidwa ndi ana a dziko lina, malire onsewo akhoza kutsikira pamodzi. Motero mphunzitsi asanaitane kholo, afunse woyesayo chilankhulo chimene adagwiritsa ntchito, ana amene mwanayo adafanizidwa nawo, ndiponso ngati mwanayo amamva ndi kuona bwino.